Lolemba banki yotseka, Lachisanu Limbe yotseka: kodi sabata ya ku Blantyre imayenda bwanji?

Funso: "Ndasamukira ku Blantyre kuchokera ku Kasungu ndipo ndatsegula kalesitilanti ku Chirimba. Kawiri konse ndataya tsiku ndi ndalama yoyendera. Lachisanu lina ndinafika ku Limbe masana mashopu ambiri ali otseka. Lolemba lina ndinapeza banki yotseka chonsecho pa kalendala yanga panalibe chofiira. Tomato nayenso, lero watchipa mawa wakwera. Tauni ino imayenda bwanji, nanga sabata yanga ndiziikonza motani?" Mayi wa ku Chirimba

Mayi, takulandirani mumzinda muno. Ine ndagwira ntchito yooda katundu ndi kusunga mabuku a ndalama ku Limbe kwa zaka zambiri, ndipo chomwe ndinaphunzira n'chakuti Blantyre sayendera wotchi imodzi. Maofesi ndi mabanki ali ndi yawo. Mashopu a holoselo ali ndi yawo, yomwe imamvera mzikiti ndi tchalitchi. Ndiwo zamasamba nazo zili ndi yawo, yomwe imachokera ku misika ya kunja kwa tauni. Inu a lesitilanti mumadalira onse atatu, choncho tsiku lomwe mawotchiwa asemphana, wopwetekeka ndinu.

Tiyambe ndi kalendala yanu ija. Kuno kwathu tchuthi cha boma chikagwa Loweruka kapena Lamulungu sichipita pachabe, chimasamukira Lolemba lotsatira. Makalendala ambiri, makamaka osindikizidwa kunja ndi a m'foni, amangofiiritsa deti lenilenilo, Lolembalo n'kulisiya loyera. Mu 2025, 6 Julayi inagwa Lamulungu, anthu anapuma Lolemba pa 7. Mu 2024 inagwa Loweruka, tchuthi chinakhala pa 8. Ndiye chaka chikangoyamba, tengani cholembera muyang'ane madeti onse a tchuthi, ndipo lililonse lomwe lagwa kumapeto kwa sabata, zungulizani Lolemba lake ndi dzanja lanu.

Madeti osasunthawo si ambiri. Januwale ali nawo awiri: pa 1, ndi pa 15 pokumbukira John Chilembwe. Pa 3 Malichi timakumbukira omwe anafera ufulu wa dziko lino, makamaka a mu 1959. Meyi nayenso ali ndi awiri, pa 1 la apantchito ndi pa 14 la Kamuzu. Kenako 6 Julayi la ufulu wodzilamulira, 15 Okutobala la anakubala, 25 Disembala ndi tsiku lotsatira lake. Mukaona bwino, matchuthi ambiri aunjikana m'miyezi isanu yoyambirira ya chaka, pomwe Ogasiti, Seputembala ndi Novembala alibe n'limodzi lomwe, pokhapokha boma litalengeza lapadera, monga tsiku la chisankho. Achikulire akakuuzani kuti kale pa 3 Malichi munthu sankagwira ngakhale khasu, akunena zoona, nthawi ya Kamuzu tsikuli linali lachisoni ndipo tauni inkati zii. Lero maofesi, mabanki ndi masukulu ndi amene amatseka, msika umayenda ngati masiku onse.

Osunthasuntha alipo awiri. Pasaka imabwera pakati pa kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Epulo, ndipo imatenga Lachisanu Loyera ndi Lolemba lake, kutanthauza masiku anayi otsatizana. Iyi siivuta chifukwa deti lake limadziwika kale. Yovuta ndi Idi yomasulira Ramadani. Chaka cha Chisilamu n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, ndiye Idi imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, ndipo tsiku lenileni limatsimikizika mwezi ukaoneka. Mutha kugona mukudziwa kuti mawa n'kuntchito, n'kumva usiku pa wailesi kuti mawa ndi tchuthi. Kwa munthu wooda ku Limbe, ili ndi tsiku lofunika kulisamala kuposa onse, pakuti eni holoselo ambiri ndi Asilamu, ndipo iwo ndi antchito awo amakhala ku mapemphero ndi kwa abale. Ramadani ikafika sabata yomaliza, ine ndinkaoda mafuta, mpunga ndi shuga masiku atatu lisanafike tsiku lomwe tikuliyembekezera, osadikira kulengeza.

Za Lachisanu masana zikuchokera komweko. Swala ya Juma imapempheredwa dzuwa likangopendeka, choncho mashopu a Asilamu amatsitsa zitseko cha m'ma 12 koloko, n'kudzatsegulanso cha m'ma 2 koloko. Koma dziwaninso kuti mashopu akale ambiri a ku Limbe ndi a m'kati mwa Blantyre amatseka pa nkhomaliro tsiku lililonse, Lachisanu kutsekako kumangotalika ndi kufalikira. Ndaonapo kambirimbiri amayi atakhala pa khonde la shopu, zikwama za Shangani zili pambali, mlonda akuwauza kuti "abwana apita kokaswali, dikirani." Akatsegula pa 2 koloko mzere umakhala utafika kumsewu, anyamata onyamula katundu akuthamangira oyamba kulipira, ndipo pomwe mukulandira risiti yanu, nthawi ya anthu oweruka kuntchito yayandikira. Kuchoka ku Limbe kudzera mu msewu wa Masauko Chipembere kukafika ku Chirimba nthawi imeneyo ndi ulendo wautali, uli ndi matumba m'minibasi. Nthawi yabwino yooda ndi m'mawa, pakati pa 8 ndi 11 koloko, Lachiwiri kapena Lachitatu. Lolemba ndimalipewa chifukwa aliyense amene katundu anamuthera kumapeto kwa sabata amathamangira komweko.

Loweruka ku holoselo ndi tsiku latheka: ambiri akafika 12 kapena 1 koloko atseka mpaka Lolemba. Palinso a Sabata. Makaniki, telala, mwini chigayo kapena wokubweretserani nkhuku akakhala wa mpingo umenewu, kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa mpaka Loweruka dzuwa litalowa simumupeza, ngakhale mumuimbire kangati, koma Lamulungu amagwira ntchito pomwe ena atseka. M'funseni aliyense amene mumadalira kuti amapemphera tsiku liti. Si mwano, ndipo amayankha mokondwa. Mukakhala ndi wokuperekerani nkhuku mmodzi wa Sabata ndi wina wopemphera Lamulungu, ndiye kuti sabata yonse muli ndi pogwira. Masitolo akuluakulu a ku Chichiri ndi ku Ginnery Corner amatsegula masiku onse mpaka madzulo, ngakhale kuti Lamulungu ndi pa tchuthi amafupikitsa maola, koma kumeneko n'kothawira mukapanikizika, mitengo yake siyosiyira phindu munthu wogulitsa nsima ya pa mbale.

Mabanki ambiri amatsegula 8 koloko n'kutseka cha m'ma 3 koloko masana, Lolemba mpaka Lachisanu. Nthambi zina zimatsegulako Loweruka m'mawa kwa maola awiri kapena atatu, ndipo maola enieni amalembedwa pa chitseko, kawerengeni pa nthambi yanu. Maofesi a boma amayamba 7:30, amapuma 12 mpaka 1 koloko, n'kuweruka 4:30. Pa pepala ndi maola asanu ndi atatu, koma kwa munthu wofuna chiphaso cha bizinesi ku khonsolo kapena kalata ya msonkho, maola ogwira mtima ndi a m'mawa. Chifukwa chake n'chakuti ntchito zambiri zoterezi zili ndi miyendo iwiri: mumatenga pepala la ndalama yolipira ku ofesi, kukalipira ku banki, n'kubwerera ndi umboni kuti akudindireni. Mukayamba ulendowu 1:30, banki itseka muli pa mzere, ndipo mawa muyambanso. Likakhala Lachisanu, mawa lakelo ndi Lolemba. Mabungwe ena omwe si a boma amawerukiratu masana Lachisanu, ndiye ngati ena mwa makasitomala anu ndi a kumeneko, musadabwe kuona mbale zikutsala tsiku limenelo.

Tsopano tomato, pakuti apa ndi pomwe ndalama yanu imalowa kapena kutuluka tsiku ndi tsiku. Misika ya m'tauni, ya Limbe, Blantyre, Ndirande, Chirimba, ilibe tsiku la msika, imatsegula masiku onse. Koma m'tauni simulimidwa tomato wokwanira anthu onsewa. Amachokera ku Bvumbwe ndi madera ena a ku Thyolo, ku Zomba, ku Chiradzulu, ndipo mbatatesi ndi kabichi zambiri zimatsika ndi malole kuchokera ku Ntcheu ndi Dedza. Kumeneko alimi sagulitsa tsiku lililonse, amadikira tsiku la msika wa kwawo. Ku Lunzu, womwe ndi wapafupi kwa inu a ku Chirimba, msika umagwa Lachinayi ndi Lamulungu. Ku Thondwe, pa msewu wa Zomba, Loweruka ndiye kumadzaza. Mavenda a m'tauni amapita kukapikula pa masiku amenewa, katundu amalowa m'tauni madzulo ake kapena mbandakucha wa tsiku lotsatira, ndipo m'mawa umenewo milu imakhala yaikulu, tomato ali gwa, wogulitsa akukuikirani basera osapempha. Pakadutsa masiku awiri kapena atatu wotsala uja wayamba kufewa, wabwino wachepa, mulu wa mtengo womwewo wachoka pa tomato asanu wafika pa atatu. Kukwera komwe mukukuonako nthawi zambiri sikukhala kwa nyengo, ndi mtunda wa pakati pa lero ndi tsiku lomwe galimoto inabwera.

Njira yodziwira masiku a msika wanu ndi yosavuta, koma imafuna masabata awiri. Sankhani mayi mmodzi kapena awiri omwe mumagulako, muwafunse kuti "mumakapikula kuti, liti?" Ndiyeno tsiku lililonse lembani m'kope kuti mulu unali ndi tomato angati, wolimba kapena wofewa, ndipo chidebe chinali pa ndalama zingati. Masabata awiri akatha mudzaona nokha masiku awiri omwe mtengo umagwa. Masiku amenewo gulani chidebe, musankhe wosapsa kwenikweni woti akufikitseni masiku atatu, wakupsa muphikiretu supu. Masiku enawo muzingogula zowonjezera. Zamasamba monga mpiru, chinizi ndi nkhwani sizisungika, zimenezo n'za m'mawa uliwonse, 7 koloko isanakwane.

Kupita nokha ku Lunzu kumapindula pokhapokha mukugula zambiri zoti mtengo wa minibasi, wa katundu ndi wa onyamula ugawike. Ngati mukufuna chidebe chimodzi, tsalani, gulani kwa opikula. Ngati mukufuna tomato, anyezi, nyemba, nkhuku zachikuda ndi mbuzi pa ulendo umodzi, pitani, koma mulawire. M'mawa kwambiri mumagula kwa mlimi mwini wake ndipo mumasankha. Dzuwa likakwera katundu wabwino amakhala ali kale m'manja mwa mavenda, ndipo mukugula kwa munthu wachiwiri. Madzulo mitengo imatsikanso chifukwa palibe afuna kubwerera ndi dengu kumudzi, koma zotsalazo n'zoti muphike lero lomwe. Chinanso, misika imeneyi siidziwa tchuthi cha boma. Lachinayi likhale 14 Meyi kapena 15 Okutobala, ku Lunzu msika ulipo. Chomwe chimausokoneza ndi mvula yamphamvu yomwe imatseka misewu ya kumidzi, ndi kusowa kwa mafuta a galimoto. Mukaona mizere pa malo omwetsera mafuta, yembekezerani kuti pakadutsa masiku awiri ndiwo zikwera.

Pamwamba pa sabata pali mwezi. Malipiro akatuluka kumapeto kwa mwezi, kuyambira cha pa 25 mpaka masiku oyamba a mwezi winawo, anthu amaitanitsa nkhuku ndi nyama, m'banki mumadzaza, ndipo makina otulutsira ndalama amatha msanga. Pakati pa mwezi anthu omwewo amafunsa nyemba, usipa ndi mazira. Muziphika motsatira zimenezi. Januwale ndiye wouma koposa, chifukwa ndalama inathera Khirisimasi ndipo fizi ya ana ikudikira.

Kuti muone momwe mawotchi atatuwa amagundirana, tiyeni tiyende limodzi sabata ya Khirisimasi ya 2026. Pa 25 Disembala ndi Lachisanu. Pa 26 ndi Loweruka, choncho tchuthi chake chikusamukira Lolemba pa 28. Ndiye kuti banki ikatseka Lachinayi pa 24 masana, idzatsegulanso Lachiwiri pa 29. Ikatero igwira masiku atatu okha, pa 29, 30 ndi 31, kenako Lachisanu pa 1 Januwale 2027 ndi tchuthi china, n'kulowanso Loweruka ndi Lamulungu. Kuwonjezera apo, zaka zapitazi boma lakhala likupereka tchuthi cha pafupifupi masabata awiri kwa ogwira ntchito m'boma nyengo imeneyi, kusiya okhawo a ntchito zofunikira monga zipatala ndi apolisi, ndipo makampani ambiri a ku Makata ndi ku Chirimba nawonso amatseka kapena kuchepetsa antchito.

Chilichonse chofuna chidindo cha boma chitheretu pofika pakati pa Disembala, chikapanda kutero chidikira Januwale. Katundu wouma, ufa, mpunga, mafuta, shuga, mchere, sopo, makala kapena gasi, muodeni Lolemba pa 21 kapena Lachiwiri pa 22, wokwanira mpaka pa 29. Musadikire pa 23 ndi 24, masiku amenewo ku Limbe munthu amayenda chammbali, ndipo zinthu ngati mafuta ophikira zimatha m'mashelefu. Vuto lenileni lili pa Lachinayi pa 24, pakuti tsiku limodzi lomweli ndi la msika ku Lunzu komanso lomaliza la banki. Simungakhale konse kuwiri. Ine ndikanapita ku banki Lachitatu pa 23 m'mawa, kukasungitsa zomwe ndagulitsa ndi kutenga ndalama zing'onozing'ono za chenje zokwanira masiku asanu, chifukwa pa tchuthi aliyense amabwera ndi K5,000 ndipo wosintha sapezeka. Lachinayi ndikanalawirira ku msika 5 koloko, podziwa kuti nkhuku ndi mbuzi zikhala zokwera tsikulo. Ndikanagula ndiwo zofikitsa Lamulungu pa 27 basi, chifukwa tsiku limenelo msika ugwanso, banki ili chitsekere. Apa ndi pomwe wotchi ya msika imakupulumutsani: simufunika kuunjika tomato wa masiku asanu m'nyengo ya mvula yomwe amaola msanga, koma mufunika kusunga padera ndalama ya m'manja yokagulira Lamulungulo.

Ndalama zomwe mugulitse kuyambira pa 24 mpaka pa 28 zisagone mu lesitilanti. Muziika ku Airtel Money kapena Mpamba tsiku ndi tsiku, masana, osati usiku. Chenjezo n'lakuti ma ejenti nawonso amadalira banki, ndiye pofika tsiku lachitatu la tchuthi mumamva kuti "floti yatha" kapena "kashi ndilibe." Dziwanani ndi awiri kapena atatu, ndipo makasitomala amene angathe muziwalola kulipira pa foni. Ine zinandionekerapo chaka china pa Pasaka. Ndinatumiza malipiro a katundu kuchoka ku banki yathu kupita ku banki ina Lachinayi madzulo, ndikuganiza kuti zatheka. Ndalama inakafika Lachiwiri, mwini katundu anakana kutsitsa lole asanaione, ndipo tinakhala masiku anayi a malonda abwino mashelefu ali pululu. Kuyambira pamenepo cheke kapena ndalama yaikulu yodutsa mabanki awiri ndimaitumiza kutatsala masiku awiri a ntchito tchuthi chisanayambe.

Funso lina loti mudzifunse pa sabata imeneyi ndi lakuti, odya kwa ine ndi ndani? Ngati ndi a m'mafakitale ndi m'maofesi, tchuthi chawo ndi tchuthi chanunso, phikani theka kapena tsekani pa 25 ndi 26, mpumule. Ngati muli pafupi ndi siteji ya minibasi kapena msika, masiku amenewa ndi okolola. Poyesera pabwino ndi tchuthi cha tsiku limodzi, monga 15 Okutobala: werengani mbale zomwe mwagulitsa, muyerekeze ndi tsiku ngati lomwelo la sabata yapita, mulembe. Nambala imeneyo ndi yomwe idzakuuzeni ufa woti mutsire pa Khirisimasi.

Mukaganiza zotsegula, kumbukirani atsikana ndi anyamata okuthandizani. Lamulo la ntchito la dziko lino limati wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma alipidwe kawiri pa ola lililonse. Ngati malipiro ake akagawidwa amakwana K600 pa ola, tsikulo ndi K1,200 pa ola, ndipo maola asanu ndi atatu ndi K9,600 m'malo mwa K4,800. Muwerengeretu zimenezi musanalonjeze makasitomala kuti mutsegula, ndipo mugwirizane nawo antchitowo sabata isanafike, chifukwa ambiri amafuna kupita kumudzi ndipo akachoka pa 24 ena amabwera chaka chatsopano chitadutsa.

Lachiwiri pa 29 musathamangire ku banki 8 koloko, tauni yonse idzakhala komweko ndi ndalama za masiku anayi. Pitani Lachitatu pa 30 m'mawa, mudzere ku Limbe tsiku lomwelo kukaoda za chaka chatsopano 11 koloko isanakwane, kuti Lachinayi pa 31 mukhalenso omasuka kulawirira ku Lunzu.